Werengani kuseri kwa sola musanalumikize foni

Adzukulu anga a kuno ku Limphasa, mukagulitsa mpunga ambiri a inu mumathamangira ku Mpamba kapena ku boma kukagula kasola kotchajira foni. Zimenezo n'zabwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti mumasankha poona kukula kwa galasi, kapepala komata kuseri osakawerenga.

Yambani ndi chaja. Ikalembedwa 5V 2A, chulukitsani manambala awiriwo: ikufuna mawati 10. Tsono musanene kuti sola yolembedwa 10W yakwana. Nambala imeneyo anaiyeza galasi lili lozizira, pa madigiri 25, dzuwa lili lokwanira bwino. Pamalata athu otentha ngati chiwaya, kuwonjezerapo fumbi ndi mawaya aatali, muziyembekezera mawati 7 basi. Foni ikakoka mphamvu yoposa imene sola ikupereka, mavoti amagwa, ndipo imayamba kulira kuti yalandira moto, kenaka yasiya, kenaka yalandiranso. Mukaona zotero musathamangire kunyoza chaja, sola ndiyo yachepa. Foni yaikulu imodzi muipatse sola ya 20W.

Tiyeni tiwerengere imeneyo. Ipereka mawati pafupifupi 14, ndipo dzuwa lamphamvu tiliyese la maola 5 patsiku. Tikachulukitsa tipeza 70. Foni ya batire lolembedwa 5000mAh, ikatheratu, imadya pafupifupi 25 kuti idzaze, kuphatikizapo moto wotayika panjira. Ndiye kuti mafoni awiri adzaza, yachitatu itsala pang'ono. Timafoni ta mabatani ndiye mungatchaje toposa khumi. Iwe mwana amene ukufuna kutsegula bizinezi yotchajitsa, werengera zimenezi usanalandire ndalama za anthu. Kumbukiranso mvula ya kwathu kuno ya mu Malichi ndi Epulo, pamene mitambo imatha kuphimba tsiku lonse.

Koma chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi ichi: musadule chingwe cha chaja n'kuchimangirira ku mawaya a sola. Sola imene amati ndi ya mavoti 12 imatulutsa 18 ikamagwira ntchito, ndipo ikakhala yosalumikiza imapitirira 21. Onani pamene palembedwa Voc, mutsimikiza. Foni imafuna 5. Ine ndinapsereza yanga motero, manambala a ana anga onse n'kupita nayo.

Njira yabwino n'kuti sola ilowe mu kontirola, kontirola idyetse batire la mavoti 12, foni itenge moto pa kabowo ka USB ka kontirolayo kapena pa chaja ya m'galimoto. Batirelo ndilo limagwirizira moto mtambo ukamadutsa. Inveta isiyeni, imangodya moto pachabe pa ntchito yaing'ono ngati imeneyi.

Solayo muipendeketse pang'ono kuyang'ana kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango ndi nthochi, muziipukuta ndi kansalu konyowa m'mawa. Foni muiike m'nyumba pozizira, osati padzuwa. Ndipo popita kukagula, tengani chaja yanu m'thumba, mukawerenge zonse ziwiri musanapereke ndalama.