Akuba anasamuka, umbava unatsala

"Anthu a kuseri kuja ndi akuba chibadwire." Anatero alamu anga usiku wina pa siwa ku Dambwa, tikuotha moto, nkhani itafika pa mnyamata amene anamulanda foni madzulo omwewo. Amuna onse anavomera ndi mitu. Ine ndinangokhala chete, poti pamaliro si pokanganirana, koma mawuwo anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Kanjira kamene ankanenako ndimakadziwa bwino, chifukwa ndinachita lendi kumeneko zaka ziwiri nditangofika kuno ku Livingstone kuchokera kwathu kum'mawa. Dzina lake sinditchula, lanyozedwa kale mokwanira. Mwa anthu amene ndinkakhala nawo pa nthawiyo, otsala sakwana zala za dzanja limodzi. Ena anamanga kwawo, ena anabwerera kumudzi, ena tinawaika m'manda. Koma kanjirako n'koopsabe dzuwa likalowa, monga momwe kanalili kale. Kukanakhala kuti umbava uli m'magazi monga ankanenera alamu, bwenzi utasamuka pamodzi ndi eni magaziwo, koma sunasamuke.

Maganizo anga ndi akuti alamu akulakwa, ndipo funsoli si latsopano. Clifford Shaw ndi Henry McKay a ku Chicago analifunsa kalekale. Iwo anatenga makaundula a khoti la ana, n'kumaika kadontho pa mapu pamene pankakhala mwana aliyense wozengedwa mlandu, m'zaka za 1900 mpaka 1906, 1917 mpaka 1923, ndi 1927 mpaka 1933. Timadonthoto tinkaunjikana m'madera omwewo, ozungulira pakati pa mzinda, pafupi ndi mafakitale ndi njanji, n'kumachepa munthu akamapita kunja. Chodabwitsa chinali chakuti okhala m'maderawo ankasinthasintha. Kunali Ajeremani ndi Aairishi, kenaka Ataliyana ndi Apolishi, kenaka anthu akuda ochokera kumwera kwa Amereka. Mtundu uliwonse ukakhala pamenepo, ana ake ankadzaza khoti, ndipo anthu ankati ndi mmene mtunduwo ulili. Ukapeza bwino n'kusamukira kunja, milandu ya ana ake inkatsika, ya deralo n'kukhala pomwepo kudikira obwera. Buku lawo la 1942 linati vuto ndi lakuti deralo lilibe mphamvu zodzilamulira lokha, ndipo linatchula zinthu zitatu zofooketsa mphamvuzo: umphawi, kusamukasamuka, ndi kusakanikirana kwa mitundu.

Ine ndaona ndi maso chachiwiricho. Poloti yathu inali ndi zipinda zisanu ndi zitatu, mzere umodzi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Mwini wake ankakhala kwina, ankangotuma mphwake pakutha pa mwezi. Pa zaka zanga ziwiri, chipinda choyandikana ndi changa chinasintha anthu kanayi: mnyamata wogulitsa ziboliboli kwa alendo oona mathithi, mayi wogula katundu kutsidya, banja lina limene linathawa usiku ndi ngongole ya miyezi itatu, ndi mlonda amene masana onse ankagona. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali wakuba. Koma palibenso amene akanatha kudziwa ngati munthu wotuluka ndi wailesi m'chipinda cha kumapeto ndi wakuba kapena ndi mwini wake akusamuka. Tsiku lina izi zinachitikadi, masanasana. Mayi wina anamugwirira geti mnyamata wonyamula matiresi, n'kumutsanzika kuti ayende bwino. Mwini matiresi anafika madzulo.

Choncho wakuba safunikira kukhala wochenjera kwambiri, chimene amafuna ndi malo amene nkhope yachilendo siidabwitsa aliyense. Ndipo ine amene ndikulemba ndinali mbali ya vutolo. Anyamata ankasuta chamba kuseri kwa chimbudzi chathu, ena a iwo a msinkhu wa giredi 7, ine n'kumangodutsa. Makolo awo sindinkawadziwa, ndipo mumtima ndinkati ndine wa pa ulendo. Mlendo ndi mame, timatero. Nditangoyamba kulandira bwino ndinachoka, ndipo m'chipinda changa munalowa wina wongofika kumene. Malo otere ali ngati sefa: aliyense amene wayamba kukhala ndi mawu, ndi ndalama pang'ono, ndi anthu omudziwa, amatuluka, pomwe lendi yotsika imaitana wina amene alibe zonsezi. Moti zaka makumi awiri zimatha anthu akusintha, koma nthawi zonse deralo limakhala ndi ongofika kumene.

Livingstone ndi tauni yozolowera zimenezi. Inabadwa ndi mlatho wa 1905 ndi njanji, inakhala likulu la dziko kuyambira 1911 mpaka linapita ku Lusaka mu 1935, ndipo masiku athu ano taonanso likulu la chigawo likusamukira ku Choma. Ntchito za macheka a Zambezi Sawmills, fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat ndi mafakitale a nsalu zinkamangirira munthu pamalo amodzi moyo wake wonse. Zimenezo zinapita. Zatsalazi zambiri ndi za nyengo kapena za pa ulendo: malo ogona alendo, malonda a pa malire, magalimoto akuluakulu opita ku Kazungula. Bambo wa panjanji ankadziwa kuti mwana wa mnzake akaba, mawa akakumana ndi bambo wake kuntchito. Wogulitsa ziboliboli alibe chingwe choterocho.

Pa chachitatu chija, cha kusakanikirana kwa mitundu, ndikusiyana nawo a ku Chicago. Ku Maramba, ku Libuyu, ku Linda, m'nyumba zoyandikana mumamveka Chitonga, Chilozi, Chinyanja ndi Chibemba, ndipo sizinatilepheretse kuikana m'manda. Mtonga ndi Mlozi amanyozana mwa chimbuya pa maliro, Mngoni ndi Mbemba chimodzimodzi, ndipo chipongwe chimenecho ndi chibale. Akatswiri a Rhodes-Livingstone Institute, imene inayambira m'tauni ino mu 1937, anaziona kale ku migodi. Clyde Mitchell mu 1956, polemba za gule wa kalela, anasonyeza kuti m'tauni anthu amagwiritsa ntchito mtundu ngati njira yodziwira kuti mlendo uyu ndikhale naye bwanji. Nanga pa siwa ija ku Dambwa, ozungulira moto sitinali a mitundu inayi kapena isanu?

Robert Sampson ndi anzake anakonza ganizo la Shaw ndi McKay lija mu 1997. Anafunsa anthu 8,782 m'madera 343 a Chicago yemweyo mafunso osavuta: kodi anansi angachitepo kanthu ana akamajomba kusukulu n'kumangokhala pakona? Nanga mwana akachitira mwano munthu wamkulu? Nanga ndewu ikabuka pakhomo? Kumene anthu ankakhulupirirana n'kuyankha kuti inde, chiwawa chinali chochepa, ngakhale poyerekeza madera osauka mofanana. Agogo athu akanaseka kuti pafunika kafukufuku kuti munthu adziwe zoti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma mwambiwo sunena kuti udzudzule bwanji mwana amene mayi ake anafika Lachiwiri ndipo sudziwa ngati akakuthokoza kapena akakutengera kupolisi.

Pali chinthu china chimene chimandisowetsa mtendere, moti pena ndimakayika ngati ndili kumbali yoyenera. Kanjira kathu kaja sikanali kopanda dongosolo. Azimayi anali ndi chilimba chawo, ndipo sichinaphonyepo mwezi. Maliro akagwa, mbale inkazungulira ndipo bokosi linkapezeka. William Foote Whyte anatsutsa chimodzimodzi mu 1943 atakhala pakati pa Ataliyana a ku Boston: malo amene wakunja amati ndi chipwirikiti ali ndi malamulo ake, kungoti si malamulo amene wakunjayo akufuna. Kwathu kuja aliyense ankadziwa nyumba imene katundu wobedwa ankalowa. Ankadziwa, ndipo ena ankagulako ayironi motchipa. Mwini nyumbayo ndiye ankayamba kuponya m'mbale ya maliro. Ndani akanamuneneza? Apa mudzi unali wolimba ndithu, ndipo kulimba kwakeko n'kumene kunkabisa wakuba.

Ndiye mwina ndinafulumira kunena kuti malo oterewa amangosowa kanthu. Pali zimene zimatsala anthu akamachoka. Wogula zakuba amatsala, kapena amasiyira wina. Shabini imatsala. Mnyamata wa zaka 17 amaphunzitsa wa zaka 12 mpanda wodumphika ndi njira yothawira kumtsinje, iye n'kupita kundende kapena kukwatira, wamng'onoyo n'kudzaphunzitsa mwana wa banja longofika. Shaw ndi McKay anazionanso izi, kuti luso la umbava limapatsirana pakati pa magulu a anyamata ngati nthano. Ndipo dzina limatsala. Dera likatchuka ndi umbava, apolisi amayambira kumeneko kusaka, ogwidwa amachuluka, kaundula amadzaza, dzina n'kulimbirako. Pamenepa mapu a ku Chicago aja ali ndi chilema, chifukwa ankawerenga ana amene anafika kukhoti, osati onse amene analakwa. Mwana wa ku Highlands akaba, kawirikawiri nkhani imathera pabalaza pakati pa makolo. Wa kukomboni amagona m'selo. Komabe sindinganene kuti zonse ndi dzina chabe, chifukwa matiresi aja anabedwadi, ndipo palibe anakanena kupolisi.

Achikulire akamva zotere amakumbuka nthawi ya UNIP, pamene tcheyamani wa sekishoni ankadziwa aliyense wogona m'dera lake, ndipo mlendo ankayenera kukaonekera. Amati kunalibe majanki. Ndimawamvetsa, koma ndimakumbukanso kuti maso omwewo ankafunsa khadi la chipani pamsika. Ndipo tonse tinamvapo mfuu ya "Kawalala!" usiku, n'kuona chimene anansi ogwirizana amachita ndi mnyamata amene wagwidwa, nthawi zina wosalakwa. Kumenekonso ndi kuchitapo kanthu. Mafunso a Sampson sanafunse za miyala ndi matayala.

Mwezi watha ndinadutsako, masana. Poloti ija tsopano ili ndi zipinda khumi ndi ziwiri, zinayi zatsopanozo anazimanga pamene tinkayanika zovala. Pampopi panali mtsikana akutsuka mbale. Ndinamufunsa ngati amadziwa amayi a chilimba aja, ndinatchula maina atatu, iye n'kupukusa mutu. "Ife tabwera mwezi wa Epulo, atate," anatero. Ndinalowa mpaka kuseri, ndinasuzumira pa chitseko chimene chinali changa, ndinaima pamenepo kanthawi ndithu, ndipo palibe anandifunsa kuti ndikufuna ndani.