Mawu a Bwana M'kamwa mwa Kapitawo

Ambiri a ife tinaonapo kapitawo wa pa doko akuwerenga uthenga wa pafoni nkhope itagwa. Mwini bizinesi ya usipa ali ku Mangochi boma, ndipo walemba kuti: "Auzeni asiye ulesi. Usipa wonse m'matumba. Msanga." Anthu oti auzidwe mawu amenewa ndi amayi ndi abambo amene akhala padzuwa chiyambire m'mawa, ena mwa iwo amsinkhu wa makolo a kapitawoyo. Akawerenga uthengawo monga ulili, awanyoza. Akausintha, kodi sananame? Paja wotumidwa amasenza mawu a mwini wake, osati ake.

Ife tikuona kuti chimene kapitawo wasungitsidwa ndi cholinga cha bwana, osati mkwiyo wake. Ndipo uthenga uja tikauyang'anitsitsa, vuto lake lalikulu si mwano ayi, koma kuti sukunena zokwanira. "Wonse" ndi uti? Pa matandala pali usipa wa dzulo umene wauma, palinso wa m'mawa uno umene udakali ndi madzi. Wosaumawo ukalowa m'thumba umatentha, n'kuyamba kununkha, ndipo umawononga ndi wouma womwe. "Msanga" nayenso si nthawi: kwa wina ndi pompano, kwa wina ndi dzuwa likapepa. Choncho kapitawo wokhulupirika asanatsegule pakamwa pamaso pa antchito, amayamba waimbira bwana n'kufunsa modzichepetsa kuti: "Bwana, ndi wa lero womwe? Nanga galimoto ifika nthawi yanji?"

Tiyerekeze kuti bwana wayankha kuti lole yopita ku msika wa Limbe inyamuka 5 koloko m'mawa, ndipo akufuna wouma wokhawokha. Tsopano kapitawo ali ndi choti anene. "Amayi ndi abambo, bwana atumiza uthenga. Usipa wa dzulo, wa pa matandala anayi akumtundawo, ukhale utalowa m'matumba pofika 4 koloko madzulo ano. Lole inyamuka m'bandakucha, ndipo tikachedwa mpaka mdima, chinyontho chiufewetsanso. Wa lero usiyeni kaye, sunaume. Amayi muziwola, achimwene awiri inu muzisoka matumba."

Palibe chimene wachotsa pa lamulo. Wanena ntchito yake, malire ake, woichita, ola lake ndi chifukwa chake. Chifukwacho sichinaikidwe pongofuna kusangalatsa anthu. Mayi amene wamva za chinyontho akapeza pa thandala lachitatu usipa wina wofewa, aupatula yekha osadikira kuuzidwa, pamene wongolamulidwa akanangowolera limodzi poti "anati wonse".

Nanga mawu aja oti "ulesi"? Apa m'pamene chikumbumtima chimavutika. Kuwasiya si bodza, pakuti kapitawo sananene kuti bwana awayamikira. Bodza likanakhala kuwonjezera chimene bwana sananene, monga kulonjeza kabonasi kuti manja afulumire, kapena kupeka chifukwa pamene bwana sanapereke chilichonse. Ngati chifukwa sichinanenedwe, n'kwabwino kungoti, "Chifukwa sanandiuze, koma nthawi ndi imeneyi." Antchito akagwira kapitawo akupeka kamodzi kokha, zifukwa zake zonse za mawa zidzamveka ngati nthano. Komabe sitikuti dandaulo la ulesi likwiriridwe. Ngati alipodi amene amathawira pamthunzi anzake akugwira ntchito, imeneyo ndi nkhani yapayokha, yofunika kumuitanira munthuyo pambali. Kuthira gulu lonse mawu oyenera munthu mmodzi n'kulanga osalakwa.

Kufewetsa nakonso kuli ndi msampha wake, ndipo akapitawo aulemu ndi amene amakodwamo kawirikawiri. Poopa kuoneka ankhanza amati, "Ngati mungathe, mwina tiyesetse lero." Pamenepo lamulo lasanduka pempho, ola lasowa, ndipo lole ikapita yopanda katundu, amene adzadulidwe malipiro ndi antchito omwe aja ankawachitira chisoni. Ulemu ukhale m'katchulidwe ka anthu ndi m'mawu apansi. 4 koloko ikhalebe 4 koloko. Palinso ena amene amawerenga uthenga wonse mokweza n'kumaliza ndi kuti, "Mukuwadziwa kale bwana athu." Otere akudzigulira chikondi ndi mbiri ya munthu amene palibe, ndipo sitingawatche okhulupirika ngakhale sanasinthe liwu ndi limodzi lomwe.

Zimachitikanso kuti nthawi imene bwana wapereka ndi yosatheka: matandala anayi, anthu asanu, matumba osakwana. Kapitawo asalengeze ola limene iye mwini sakulikhulupirira. Awerenge matumba ndi manja amene alipo, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo abwezere bwana uthenga wakuti, "Pofika 4 koloko titha matandala atatu. Lachinayi likufunika matumba ena khumi ndi anthu awiri." Bwana akamva zimenezi masana angathe kutumiza matumba kapena kukambirana ndi dalaivala, zimene sangachite akazimva lole itaima kale pa doko.