Kodi Ndalama Ili Pati? Mtsutso wa Maslow ndi Herzberg

Funso la mayeso a kayendetsedwe ka ntchito linali lakuti: yerekezani chiphunzitso cha Maslow cha makwerero a zosowa ndi chiphunzitso cha Herzberg cha mbali ziwiri, ndipo munene chomwe chingathandize kwambiri woyang'anira antchito. Otsutsana ndi ophunzira awiri a kalasi yamadzulo, mayi amene ali ndi shopu yosoka mayunifolomu ndi mnyamata amene ndi kalaliki pa kampani ina, pamaso pa mphunzitsi wawo.

KALALIKI: Ine aphunzitsi, funso limeneli ndaliyankha kale. Ndajambula chithunzi cha nsonga zitatu chija, ndachigawa pasanu. Pansi chakudya ndi pogona, kenako chitetezo, kenako kukhala ndi anzako, kenako ulemu, pamwamba penipeni kukwaniritsa zonse zomwe munthu angathe kukhala. Ndalemba mzere pakati. Zitatu zam'munsi ndiye zoletsa madandaulo za Herzberg, ziwiri zapamwamba ndiye zopatsa chidwi. Basi. Herzberg anangotenga za mnzake n'kuzidula pawiri.

MPHUNZITSI: Mwapeza gawo limodzi la malikisi, ndipo theka la kalasi lilemba zomwezo. Koma mwasonyeza kufanana kokha. Kusiyana kuli kuti?

MAYI: Kusiyana ndikukudziwa ine, chifukwa ndinakulipirira ndalama zanga. Matelala anga ankadandaula za malipiro, ndinawakwezera. Denga linkadontha, ndinakonzetsa. Madandaulo anatha, inde. Koma makolala okhota anali omwewo, mabatani othothoka omwewo, ndipo ikakwana nthawi yoweruka aliyense amasiya malaya pa makina n'kumapita. Herzberg ananena zoona, achimwene. Ndalama siigwiritsa munthu ntchito. Ndikanadziwa sindikanakweza n'komwe.

KALALIKI: Mwamva aphunzitsi? Ndi chifukwa chake ndimati chiphunzitso chimenechi ndi cha mabwana. Chimawapatsa mawu abwino okanira kukweza malipiro. Ife kuntchito kwathu malipiro akachedwa, eni nyumba amabwera pakhomo, mwana amabwezedwa kusukulu. Ndiye wina abwere andiuze kuti chomwe ndikusowa ndi kuyamikiridwa? Maslow ndiye anali ndi umunthu. Anati wanjala amaganiza za chakudya basi.

MPHUNZITSI: Mayi, gawo loyamba la mawu anu ndi Herzberg, lachiwiri ndi lanu. Iye sanati malipiro alibe ntchito. Anati kukhutira ndi kusakhutira si nsonga ziwiri za mzere umodzi, koma mizere iwiri yosiyana. Malipiro, malamulo a kampani, kayang'aniridwe ka akapitawo, malo ogwirira ntchito, kugwirizana ndi anzako, kusaopa kuchotsedwa: zimenezi zikaipa munthu amawawidwa mtima, zikakonzedwa kuwawidwako kumatha, koma chidwi sichibadwa. Anazifanizira ndi ukhondo. Kutaya zinyalala ndi kumwa madzi abwino kumaletsa matenda, koma sikupangitsa munthu kukhala wamphamvu kuposa kale. Tsono inu mukuti chifukwa kusesa sikunakunenepetseni, mukanasiya kusesa. Mukanapanda kukweza malipiro, bwenzi matelala aluso atapita kwa anzanu.

MAYI: Chabwino, ndavomera pang'ono. Nanga makolala aja?

MPHUNZITSI: Ntchito mumaigawa bwanji?

MAYI: Monga amachitira aliyense wofuna liwiro. Wina amadula nsalu, wina manja, wina makolala, wina mabatani. Ine ndimayendera zonse pomaliza.

MPHUNZITSI: Ndiye wa makolala uja sanasokepo malaya athunthu m'shopu mwanu, sadziwa mwana amene wawavala, ndipo akalakwitsa mumaona ndinu. Zopatsa chidwi za Herzberg zili mkati mwa ntchito yeniyeniyo: kumaliza chinthu n'kuona kuti chatheka, kuzindikiridwa chifukwa cha chimenecho, udindo, kukwezedwa, kukula m'luso. M'nkhani yake ya 1968 analangiza kulemeretsa ntchito, osati kungoichulukitsa. Mukampatsa wa makolala uja mabataninso, mwangomuonjezera chotopetsa chachiwiri. Koma mukampatsa oda ya sukulu imodzi, akayese ana yekha, awerengere nsalu, ayendere yekha zomwe zasokedwa, madandaulo ndi mayamiko a sukuluyo azifika kwa iye, pamenepo mwasintha ntchito. Maslow sakuuzani zimenezi. Iye salemba za kagawidwe ka ntchito m'shopu. Analemba mu 1943 ngati katswiri wa maganizo a munthu, za moyo wonse, ndipo aphunzitsi a kayendetsedwe ka ntchito ndi amene anazitengera ku ofesi pambuyo pake. Uku ndi kusiyana koyamba koyenera kulowa mu yankho lanu.

KALALIKI: Koma telalayo akakhala kuti sanadye, oda ya sukuluyo aiona ngati katundu wina wosenza popanda malipiro. Ndinaziona. Amakuuza kuti takupatsa udindo, dzina la mpando lasintha, envelopu ndi yomweyo. Kumeneko ndi kudyera munthu masuku pamutu.

MPHUNZITSI: Pamenepo sindikutsutsani, ndipo muli ndi chida chachikulu kuposa mkwiyo wanu ngati mutachigwiritsa ntchito. Herzberg ndi anzake awiri, Mausner ndi Snyderman, anatulutsa buku lawo mu 1959. Anafunsa anthu pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh ku America, ndipo onsewo anali mainjiniya ndi owerengera ndalama za makampani. Anthu ophunzira, a malipiro okhazikika. Woyankha mayeso ali ndi ufulu wofunsa ngati zomwe anapeza kwa iwo zingagwire kwa munthu amene malipiro ake satha mwezi. Chachiwiri ndi kafunsidwe. Ankauza munthu kuti afotokoze nthawi yomwe anasangalala kwambiri pa ntchito, ndi nthawi yomwe anakhumudwa kwambiri. Victor Vroom mu 1964 anaona msampha wake: zikayenda bwino munthu amati ndi luso langa, zikaipa amati ndi bwana, ndi malamulo, ndi malipiro. Mwina mizere iwiri ija inachokera ku chizolowezi chodziteteza chimenechi osati ku mtima wa wantchito. Ndipo ofufuza ena atafunsa mwa njira zina, kugawikana kuja sikunatuluke bwinobwino.

KALALIKI: Eya! Ndiye Maslow wapambana.

MPHUNZITSI: Musathamange. Umboni wa Maslow ndi wofooka kuposa pamenepo. Sanayese makwerero ake pa gulu la antchito. Za pamwamba zija anazitenga posankha yekha anthu omwe ankawaona kuti ndi okhwima, monga Abraham Lincoln ndi Eleanor Roosevelt, n'kuona zomwe amafanana. Mu 1976 Wahba ndi Bridwell anaunika kafukufuku yemwe analipo ndipo anapeza umboni wochepa woti zosowa zilidi m'magulu asanu, kapena kuti zimatsatana motero.

MAYI: Zimenezo n'zosachita kufunsa. Pakagwa maliro telala wanga amasiya ntchito ya tsiku lonse, amadziwa kuti ataya ndalama, amapereka ndi chipepeso chomwe kuchokera m'thumba lopanda kanthu. Ndiye mukuti kukhala ndi anzako kumadikira kuti mimba ikhute?

MPHUNZITSI: Chitsanzo chabwino, chilembeni. Koma mumuchitire chilungamo Maslow. Iye mwini analemba kuti dongosololo si lokhwima, ndipo kuti chosowa sichichita kudzaza kaye kuti china chiyambe. Anapereka chitsanzo chongoyerekeza cha munthu wokhutira 85 pa 100 pa za thupi, 70 pa chitetezo, 50 pa chikondi, 40 pa ulemu, 10 pa zapamwamba zija, zonse nthawi imodzi. Ngakhale chithunzi mwajambulacho, achimwene, mulibe m'nkhani yake ya 1943. Anajambula ndi ena.

KALALIKI: Ndiye ndichifufute?

MPHUNZITSI: Chisiyeni, oyesa anachizolowera. Koma pansi pake mulembe kusiyana kwenikweni, komwe kuli pa ndalama. Kwa Maslow chosowa chilichonse chomwe sichinakwaniritsidwe chimamukankha munthu. Choncho kwa inu amene lendi ikukuvutani, malipiro ndi chokulimbikitsani chenicheni, mpaka tsiku lomwe adzakwanire. Kwa Herzberg malipiro angakuyendetseni koma sangakupatseni chidwi, kaya ndinu wolemera kaya wosauka. Wina akuti yang'ana pomwe munthuyo ali. Wina akuti yang'ana momwe ntchitoyo ilili.

MAYI: Apa ndiye ndibwerera m'mbuyo, aphunzitsi, chifukwa pali chomwe sindinanene. Sukulu zikamatsegulira ndimalipira pa malaya alionse osokedwa. Makina salekeza kulira mpaka usiku. Palibe amene ndimamukakamiza. Ngati imeneyo si mphamvu ya ndalama, ndi chiyani?

MPHUNZITSI: Herzberg akanati kumeneko ndi kuyenda, osati chidwi. Wofuna malayawo ndinu, iwo akufuna ndalama, ndipo mukachotsa ndalamayo makina akhala chete. Makolala a nyengo imeneyo amakhala otani?

MAYI: Okhota kuposa onse.

KALALIKI: Komabe malaya atuluka, ana avala, telala walipira fizi. Kutcha zimenezi "kuyenda chabe" ndi kunyoza munthu amene akugwirira ntchito ana ake. Kodi wosoka chifukwa chokonda kusoka ndi woposa wosoka chifukwa chokonda banja lake? Ine ndikukana. Ndipo ndikuona kuti bamboyu anangosintha tanthauzo kuti asagonje: chilichonse chomwe ndalama yachita akuti si chidwi.

MPHUNZITSI: Pali ophunzira akuluakulu omwe anamunena zomwezo. Ndipo m'zomwe anapeza iye mwini, malipiro anatchulidwa mbali zonse ziwiri, m'nkhani zokondwa ndi m'nkhani zokhumudwa. Anawaika ku zoletsa madandaulo ponena kuti pomwe anakondweretsa munthu, ankabwera ngati chizindikiro choti ntchito yake yaoneka. Mungavomere kufotokoza kumeneko kapena ayi. Ine sindikugamulirani.

KALALIKI: Nanga pa mayeso ndilembe zomwe ndikukhulupirira, kapena zomwe zili m'buku? Ndikati Herzberg analakwitsa, andilepheretsa.

MPHUNZITSI: Sangakulepheretseni ngati mwayamba mwamufotokoza molondola. Yambani ndi chomwe chimawaika m'gulu limodzi: onse awiri akuyankha funso lakuti n'chiyani chimalimbikitsa munthu, pomwe a Vroom akufunsa momwe munthu amasankhira pogwiritsa khama lake. Ikani kufanana kuja m'ndime imodzi yaifupi. Malo ambiri apite ku mzere umodzi ndi mizere iwiri, ku malipiro, ndi ku umboni wa aliyense. Kenako tengani shopu ya mayiwa muiyendetse m'ziphunzitso zonse ziwiri. Chigamulo chanu chibwere pomaliza, chili ndi malire ake: kwa antchito ati, pa malipiro otani.

MAYI: Ine ndilemba kuti Herzberg ndiye wothandiza woyang'anira, chifukwa amandiuza chochita Lolemba m'mawa. Oda ya sukulu imodzi ndimupatsa mtsikana wa makolala uja.

KALALIKI: Ndi malipiro omwewo?

MAYI: Tione kaye ngati akwanitse.

KALALIKI: Mwaona, aphunzitsi? Ine ndilemba Maslow.