Mutu Wovundikira Tsiku Lonse

Ana anga, mwezi wa Okutobala ukafika kuno kwa Kasakula, mphepo ija imatiziziritsa mu Juni kuchokera ku phiri la Ntchisi imatithawa, fumbi limakwera, ndipo amene ali ndi maso akakhala pansi pa mtengo pamsika amaona chinthu chimodzi chomwe anthu onse akuchita mosauzana. Mnyamata wa kabaza akangotsitsa munthu amavula helemeti n'kulowetsa zala zonse m'mutu. Mayi wochokera ku Chigwirizano, duku lake loyera mbee, amayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako n'kudzimenyamenya pamutu ndi chikhatho kuti anthu asati akukanda. Bambo wa kapu amangoikankhira kumbuyo, kukanda, kuibwezeranso. Aliyense amayesa kuti ndi yekha, koma mudzi wonse ukuyabwa, ndipo mukawafunsa onsewo yankho lawo ndi limodzi, ati ndi thukuta.

Thukuta amangolinamizira. Palokha ndi madzi ndi kamchere pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kuuma pakhungu kuti thupi lizizire. Wolima wopanda chisoti amatuluka thukuta lambiri kuposa wa kabaza, koma mphepo imamuumitsa, akafika kunyumba n'kusamba, nkhani yatha. Mlandu umayamba thukutalo likasowa kothawira. Inu amene mudaona agogo anu akufutsa chimera mukudziwa mwambo wake: amanyika chimanga, amachivundikira, amachisiya pofunda, ndipo masiku angapo chamera. Mutu wonyowa wovundikira m'helemeti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa uli m'njira yomweyo, kungoti chomera pamenepo si chimanga. Khungu la m'mutu limatulutsa mafuta akeake, ndipo pamutu pa munthu aliyense, wosamba ndi wosasamba, pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso ta mtundu wa yisiti timene chakudya chake ndi mafuta amenewo. Tikapeza pofunda ndi ponyowa timaswana, khungu limanyansidwa, limayamba kufunduka, ndiye mfundu uja mumauona paphewa la malaya. Apo n'kuti fumbi la mumsewu lasakanikirana ndi mchere wa thukuta la dzulo ndi la dzana m'nsalu ya m'kati mwa chisoti, imene mwini wake sadaichapepo chiigulire.

Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Helemeti imapukutidwa kunja mpaka kuwala, njinga imatsukidwa kumtsinje, koma tatembenuzani chisoticho mununkhize m'kati, mudzabwerera chambuyo.

Ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene amayendetsa njinga yamoto, kunyamula anthu ndi matumba a soya kupita ku Ntchisi boma. Adabwera kwa ine madzulo ena atakhumata, ati malume, mutuwu wandisowetsa mtendere, kapena wina wandiponyera. Ndidamuuza kuti tiyambe taona tsiku lake mmene limayendera tisanapite kwa asing'anga. Amadzuka kusanache, amasamba, amadzola mafuta a vaselini m'mutu tsitsi likadali lonyowa, amavala chipewa cha ulusi chija cha m'nyengo yozizira chifukwa m'mawa pamtunda pano pamakhalabe kamphepo, pamwamba pake n'kuikapo helemeti. Podikira anthu pa siteji savula, kuopa kuti wokwera angamudutse. Usiku helemeti imagona chovundikira pansi kuseri kwa chitseko, thukuta lili momwemo, m'mawa n'kuivalanso ili chinyontho. Ndidaseka, ndidati mphwanga, mfiti yako ndakupezera, imagona kuseri kwa chitseko chako.

Zimene tidakonza sizidafune ndalama zambiri. Chipewa cha ulusi chidachoka, popeza chimasunga kutentha, komanso chimachititsa kuti helemeti isagwire bwino mutu, tsiku la ngozi n'kuvuka. M'malo mwake adadula tinsalu titatu topyapyala ta thonje, ta sikipa yakale, kuti kamodzi kazikhala pamutu, kena m'thumba kosinthira masana, kachitatu pachingwe. Nsalu ya thonje imamwa thukuta lisanafike m'siponji, ndipo kuchapa kansalu n'kosavuta kusiyana ndi kuchapa chisoti. Pa siteji adayamba kuvula, kupukuta mutu, n'kukoleka helemeti pa chiwongolero kukamwa kwake kuli poyera kuti mphepo ilowe. Lamulungu, tsiku limene sayenda, amachapa m'kati: ngati nsaluyo ndi yochotseka amaichotsa, ngati ndi yomatirira amaisisita ndi madzi ofunda ndi sopo wosambira, n'kutsukuluza mpaka thovu litatha, chifukwa sopo wotsalira nayenso amayabwitsa. Kuyanika kwake ndi pamthunzi podutsa mphepo. Pamoto ayi, ndipo petulo kapena parafini asayandikire, pakuti choyera chopepuka chija chili pakati pa chigoba ndi nsalu, chimene chimalandira nkhonya m'malo mwa mutu wanu, chimasungunuka ndi petulo ndipo chimaonongeka ndi kutentha. Vaselini ndidamuuza kuti azidzola m'miyendo mmene muli mbuu, mutu auleke, ndipo asavale kanthu tsitsi lisanaume.

Ena mwa anzake, atamva kuti chisoti ndicho chikuyabwitsa, adaganiza zongochisiya kunyumba. Kumeneko ndiye kutentha nkhokwe chifukwa cha khoswe. Walira mvula walira matope, wafuna njinga wafuna helemeti ndi thukuta lake, ndipo zitunda zathu zino zotsetserekera kunyanja sizikhululukira mutu wosavala. Mutu woyabwa umachira, koma madzi akatayika saoleka.

Tsono inu amayi ndi atsikana, musaseke anyamatawa, mlandu wanu ndi womwewo. Maduku ambiri a pamsika masiku ano ndi a nayiloni, oterera, owala bwino pa ukwati, koma salola mpweya kudutsa. Pansi pake pali tsitsi lomangidwa mesi milungu ingapo, lodzozedwa mafuta m'mizere tsiku ndi tsiku poganiza kuti mfundu ndi kuuma kwa khungu. Apa mpamene anthu ambiri amasokera. Mfundu wa nthawi yotentha, uja wonona wachikasu womata m'zikhadabo, amabwera chifukwa mafuta achuluka, ndiye mukamathira ena mfunduyo amangomatirira pakhungu, maso osamuona, koma kuyabwa kuli pomwepo. Duku la thonje kapena kachidutswa ka chitenje chochapidwa, lomangidwa mosathina, lovulidwa mukangolowa m'nyumba, ndi losinthidwa tsiku lililonse, limachepetsa vutoli. Nkhata yosenzera ndowa nayo muziiyanika, musamaisiye chipindire pakhonde. Ndikudziwa kuti mwambo wathu ufuna mayi avale kumutu pamaliro, kutchalitchi ndi pamaso pa apongozi, ndipo ine sindikuuthetsa, koma palibe mwambo umene udati mugone nalo duku lonyowa.

Pali mfundu wina wamakani amene sasunthika ngakhale mwachapa ndi kuyanika zonse. Ameneyo amafuna shampu wa mankhwala otchedwa ketokonazolo, wa 2 peresenti, wopezeka m'mafamase. Anthu amamunyoza kuti sagwira ntchito, chonsecho amamupaka n'kutsukuluza pomwepo ngati sopo wamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumamupaka pakhungu penipeni, osati patsitsi pokha, n'kumusiya mphindi 3 mpaka 5, kawiri pa mlungu kwa milungu 2 mpaka 4, ndipo zikatha mumabwereza kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri kuti mfundu asabwerere, poti tizilombo tija sitisamuka, timangochepa.

Koma ana anga, si kuyabwa konse kumene kuli mfundu, ndipo safunsa adadya phula. Mukaona timatuza ting'onoting'ono tobaya pamphumi ndi m'khosi, pamene pamadutsa lamba kapena mphepete mwa duku, timeneto ndi timabowo ta thukuta totsekeka, ndipo timatha tokha khungu likapuma ndi kusambidwa madzi ozizira. Mukaona pamutu pali malo ozungulira pamene tsitsi lathothoka kapena laduka, pali mbuu, chimenecho ndi chipere, ndipo chimayenda ndi chipeso, makina ometera ndi chisoti chobwerekana. Chimakonda ana a sukulu, koma nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, bambo akavala kapu imene mwana amaseweretsa asadabwe. Chipere cha m'mutu chimalowa m'mizu ya tsitsi kumene mankhwala opaka safika, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka akumwa, kawirikawiri giriseofuluvini, kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo woleka panjira chifukwa tsitsi layamba kumera amachiona chikubwereranso. Ndidaonapo anthu akupaka mafuta a mabuleki pa chipere cha mwana, ena phulusa la batire, ena utomoni wa mitengo, zonse tsiku limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo chotsatira chake ndi chilonda chopsa pamwamba pa chipere chosachira.

China chimene anyamata amachibisa ndi tiziphuphu tolimba ta kunkhongo, pamene tsitsi limathera. Timabwera kwa amene amameta mpala ndi lezala, kenako mphepete mwa helemeti ndi kolala n'kumakhula pomwepo tsiku lonse. Tikanyalanyazidwa timalumikizana n'kusanduka chipsera chotupa chosameranso tsitsi, ndipo chikafika pamenepo sichimva sopo. Wotere asiye kumeta mogwira khungu, azisiyako katsitsi, asamatifinye, ndipo akaona mafinya, kutupa, kapena mwanabere m'khosi, apite kuchipatala cha pafupi msanga, akalephera kumeneko amutumiza ku chipatala cha boma ku Ntchisi. Wobisa matenda maliro adzamuulula.

Zatsala ndi za helemeti ya wokwera, ija imodzi imene imavalidwa ndi aliyense, wodwala ndi wolimba, wochokera kumaliro ndi wopita kuukwati. Nsabwe siziuluka ndipo sizidumpha, zimangoyenda, ndipo nsalu yofunda imene yangochoka pamutu wina imazipatsa njira, monganso chipere. Mukayabwa kwambiri kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, uzani wina akuyang'aneni mazira oyera omata patsitsi, amene sagwa mukakung'untha ngati mmene amagwera mfundu. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, choncho amene amakwera kabaza kawirikawiri aziyenda ndi kansalu kake koyera m'thumba, akayale pamutu asanavale chisoti cha eni, akafika akachape. Amayi a duku pamenepa adatitsogolera kale osadziwa. Mphwanga uja tsopano amachapa zisoti zonse ziwiri, chake ndi cha okwera, ndipo akuti amayi a pamsika ayamba kusankha njinga yake ati chifukwa helemeti yake sinunkha, anzake a pa siteji n'kumamunena kuti wapeza mankhwala a bizinezi.