Kodi Wanjala Ayimbe Nyimbo Yoyamika?

M'caka ca 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo mwezi wa Febuluwale Boma la Zambia linalengeza kuti cilala cimeneci ndi tsoka la dziko lonse. Ife a ku Kafue tinaona cinthu cowawa: mtsinje waukulu unali kuyenda pafupi ndi ife, koma minda ya kumtunda inapsa. Tsono itafika Sabata ya zokolola, ine ndinasankha nyimbo zinai zoyamika monga mwa cizolowezi cathu. Mai wina wamasiye, amene zaka zonse atsogolera anzace poyimba, anakhala cete. Titaturuka anati kwa ine, "Abusa, ndakolola zitini ziwiri. Ndikadayimba kuti nkhokwe yanga yadzala, sindikadanama pamaso pa Mulungu kodi?"

Funso limeneli si laling'ono. Mau amene tiwayimba ndiwo mau athu, monga amene tiwalankhula pabwalo la mlandu. Anthu ambiri amaopa kunena bodza, koma saopa kuliyimba, cifukwa maimbidwe okoma agoneka cikumbumtima. Buku la Miyambo, mutu 25, lifanizira woyimbira munthu wosweka mtima ndi wobvula mnzace copfunda pa tsiku lozizira. Mai uja ananena zoona, ndipo wolakwa ndinali ine.

Mkulu wina wa mpingo atamva zimenezi anandilangiza kuti Sabata yotsatira tiyimbe za kulapa zokhazokha, pakuti, anatero, cilala cidza cifukwa ca macimo. Apa ndipo tisokera kawirikawiri, abale, posasiyanitsa kulapa ndi kulira. Kulapa kufuna cimo lodziwika. Salmo 51 ndilo la Davide, mneneri Natani atamtsutsa pa mlandu wa Batiseba. Munthuyo adziwa cimene anacita, nacichula. Koma Salmo 88 ndilo la munthu wotsala pang'ono kufa, wosiyidwa ndi abwenzi ace. Iye saulula cimo liri lonse, ndipo nyimbo yace ithera mumdima. Komabe Salmo limeneli liri m'Buku Lopatulika pamodzi ndi ena onse 149. Kupatsa wamasiye nyimbo ya kulapa cifukwa munda wace wapsa ndiko kumweruza monga abwenzi a Yobu anamweruza Yobu. Ambuye wathu yemwe anakana ciweruzo cotere ponena za anthu 18 aja amene nsanja ya Siloamu inawagwera.

Ndiganiza kuti mabuku athu a nyimbo asowa pamenepa. Za kuyamika ziri zambiri, za kulapa zirimonso, koma za kulira tizisungira maliro okha, ngati kuti Mkristu aloledwa kudandaula pokhapokha mtembo uli m'nyumba.

Koma wina adzati, nanga Paulo ndi Sila sanayimbe kodi pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi, misana yao iri ndi mikwingwirima? Inde anayimba. Ndipo Aisrayeli a m'Salmo 137, atakhala m'mbali mwa mitsinje ya ku Babulo, anakana kuyimba napacika azeze ao pamitengo. Malembo sadzudzula awa kapena awo. Kusiyana kwace ndi uku: Paulo sanaumirizidwe ndi munthu, koma Aisrayeli anauzidwa ndi adani ao kuti aonetse cimwemwe cimene analibe. Nyimbo ingathe kutsogolera mtima kumene sunafike, monga mbusa atsogolera ng'ombe kumadzi. Koma iyenera kuyambira pamene mtimawo uli. Cifukwa cace nyimbo ya ciyembekezo si bodza m'kamwa mwa wanjala, popeza siinena kuti ndiri naco, koma kuti ndilindira.

Cimene tinacita Sabata yotsatira ndi ici. Tinayamba ndi kuwerenga Salmo 42, la munthu waludzu amene misozi yasanduka cakudya cace, ndipo tinayimba nyimbo imodzi ya zija za kumaliro, pang'onopang'ono, popanda ng'oma. Nyimbo ya kulapa inadza yaciwiri, koma ndinayamba ndachula cimo lace: pakati pathu panali ena osunga cimanga ca caka catha kudikira mtengo ukwere, anansi ao akugona ndi njala. Awo ndiwo anayenera kulapa, ndipo anadzidziwa. Utatha ulaliki tinayimba ya ciyembekezo. Yoyamika tinaiika potsiriza, titawerenga ndime zace zonse poyamba ndi kusiya ija yonena za zokolola zocuruka. Tinatsala ndi zonena za moyo, za ana, ndi za cipulumutso.

Mai uja anayimba zitatu zoyambazo. Yacinaiyo sanayimbe, ndipo ine sindinamfunse cifukwa cace. Anaimirira pamodzi ndi ife, buku lace lotsegula m'manja, anzace akumyimbira.