Ndalama Zimafika, Koma Madzi Awathire Ndani?

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, ulendo wa ku Joni si wachilendo. Agogo athu ankapita ku migodi pa mgwirizano wa Wenela, ndipo adzukulu awo lero akukwera basi kukasoka zovala, kukagulitsa m'masitolo ndi kukalondera nyumba za eni. Pali kusiyana kumodzi kumene sitikuganizira mokwanira. Wa Wenela ankapita pa kontilakiti yokhala ndi tsiku lothera, ndipo ikatha ankabwezedwa kwawo. Mnyamata wa lero amadziwa tsiku lonyamuka lokha. Kumbuyo kwake kumatsala mayi kapena bambo amene mphamvu zikuwathera chaka ndi chaka. Funso lathu ndi ili: kodi Msilamu angasiye makolo okalamba n'kupita kukasaka moyo kutali, ndipo ngati angatero, atani kuti asakhale wolakwa pamaso pa Allah?

Tiyambe ndi zimene Kurani yolemekezeka ikutiphunzitsa. Mu Sura ya 17, ndime 23 ndi 24, lamulo lochitira zabwino makolo laikidwa motsatana ndi lamulo lopembedza Allah yekha. Ndimeyi ikunena za makolo amene ukalamba wawapeza ali pamodzi ndi mwana wawo, ndipo ikuletsa ngakhale kaliwu kakang'ono kosonyeza kunyansidwa. Tilingalire bwino pamenepa. Munthu sanyansidwa ndi mayi amene amangomva mawu awo pafoni kamodzi pa mlungu. Amene amayesedwa ndi kaliwu kotere ndi uja amachapa zofunda zonyowa m'bandakucha, amene amafunsidwa funso limodzi kasanu pa tsiku. Ndimeyi ikulankhula za utumiki wa manja, wa munthu amene ali pafupi.

Mu hadisi yolembedwa ndi Imamu Bukhari ndi Imamu Muslim, munthu wina adadza kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) kudzapempha chilolezo chopita ku jihadi. Mtumiki atamva kuti makolo ake ali moyo, adamuuza kuti kulimbikira kwake akakuchite mwa makolowo. Tikumbukenso Uwaisi Al-Karani wa ku Yemeni, amene adakhala m'masiku a Mtumiki koma sadaonane naye, ndipo ma ulama amafotokoza kuti chidamutsekereza ndi kusamalira mayi ake. Adataya ulemerero wotchedwa swahaba. Komabe Mtumiki adamuyamikira chifukwa cha ubwino wake kwa mayiwo, ndipo Umar mwana wa Khattab adamufunafuna kuti amupemphere chikhululuko kwa Allah. Ngati kuona nkhope ya Mtumiki kudadikira chifukwa cha mayi wokalamba, malata ndi njinga yamoto zingakanike bwanji kudikira?

Koma tisathamangire kuweruza kuti aliyense wopita ku Joni ndi wochimwa. Chisilamu chomwecho chimalamula mwana kudyetsa makolo ake osauka. Ma ulama a fikihi, kuphatikizapo a mazihabu a Imamu Shafi amene ambiri a ife timatsatira, amati chakudya, chovala ndi pogona pa makolo osowa ndi udindo wokakamizidwa pa mwana amene ali ndi chotsala atadyetsa banja lake, mwana wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Udindowu umatchedwa nafaka. Si mphatso ayi, n'chifukwa chake munthu saloledwa kupereka zaka yake kwa makolo amene iye ali ndi udindo wowadyetsa, pakuti kutero n'kulipira ngongole yake ndi chuma cha osauka. Tsono mnyamata amene wakokera khoka usiku wonse n'kutuluka ndi usipa wosadzaza chigoba, akamati akupita kuti mayi ake asagone ndi njala, akunena zomveka. Nthawi zina kukhala pakhomo chimanjamanja n'kulephera udindo, monganso kuchoka.

Apa tikuona kuti udindo kwa makolo uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya chuma, ndipo imeneyi imatha kuwoloka malire a mayiko. Ndalama yotumizidwa pa Mukuru m'mawa imagula ufa madzulo ake. Mbali yachiwiri ndi ya thupi: kudzutsa wodwala, kumumwetsa mankhwala pa nthawi yake, kumuthira madzi kuti achite udhu, kukhala naye pakhonde kuti asasungulumwe. Imeneyi siitumizidwa. Vuto la ambiri a ife ndi loti timakwaniritsa mbali yoyamba n'kudziuza kuti tamaliza zonse.

Tiyerekeze banja limodzi, kuti nkhaniyi tiione pafupi. Mayi wamasiye wa zaka zopitirira 70 ali ndi matenda othamanga magazi. Ali ndi ana atatu: mwamuna woyamba kubadwa amene ali ku Joni chaka chachinayi, mwana wamkazi amene adakwatiwa pamudzi pomwepo monga mwa mwambo wathu wa chikamwini, ndi mzime amene wapeza malo a maphunziro ku Blantyre. Tsiku lina mayi aja agwa, ndipo mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafa. Kuyambira tsiku limenelo afunika munthu wowasambitsa, wowatengera kuchimbudzi, wowatembenuza pamphasa maola angapo alionse kuti asachite zilonda za pamsana, ndi wowaperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala.

Zonsezi zigwera mwana wamkazi. Munda wake udzalimidwa mochedwa, geni yake ya nsomba zouma iima, ndipo mwamuna wake ayamba kung'ung'udza. Achimwene a ku Joni atumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo anthu kumzikiti awatama kuti ndi mwana wodalitsika. Mlongo wawo, amene manja ake achita zikang'a ndi sopo, palibe womutchula. Pamwambo pathu mwamuna uja ndiye mwini mbumba, koma mbumba yake ikumusenzera katundu iye ali kutali. Uku ndi kupanda chilungamo kumene kumabisala m'kati mwa nyumba zooneka zodalitsika.

Nanga bwanji osabwera kudzaona mayi ake? Apa pali msampha umene tiyenera kuutchula poyera. Mmalawi amaloledwa kulowa ku South Africa masiku 30 ngati mlendo. Wopitirira masikuwo popanda chilolezo, potuluka amaletsedwa kulowanso kwa nthawi imene ingafike zaka zisanu. Choncho mwana wopanda mapepala amadziwa kuti akabwera kudzazonda matenda, ntchito yake yatha. Amayamba kudziuza kuti adzabwera zinthu zikadzafika poipa. Koma ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete umatenga masiku awiri kapena kupitirira, pamene ife Asilamu sitigoneka maliro nthawi yaitali. Wodikira uthenga womaliza nthawi zambiri amapeza manda atakwiriridwa kale. Sadawasamalire ali moyo, sadanyamule jeneza, sadaime pa swala ya maliro.

Ma ulama a fikihi adasiyanitsa maulendo mwanzeru. Ulendo wa malonda kapena wa maphunziro umene uli wotetezeka ndi wololedwa, ndipo makolo sayenera kuutsekereza popanda chifukwa. Ulendo woopsa umafuna chilolezo chawo, pakuti mantha a kholo pa moyo wa mwana wake ali ndi kulemera m'malamulo a dini. Ndipo ngati makolo akudalira mwanayo, iye sachoka mpaka ataika wina m'malo mwake ndi kusiya chowasamalira. Tikayeza ndi muyeso umenewu, ulendo wa munthu wokhala ndi mapepala, amene angabwerere mawa akaitanidwa, si wofanana ndi ulendo wa munthu wodzera njira zachidule amene wadzitsekera yekha khomo lobwererera.

M'banja lathu lija, chilungamo chikadayenda motere. Poyamba, ana onse atatu akhale pansi, wa kutali alankhule pafoni, pamaso pa amalume kapena shehe wa pamudzi, ndi kutchula ntchito iliyonse ndi dzina la woigwira. Chachiwiri, ndalama za ku Joni zigawidwe pawiri: gawo la chakudya ndi mankhwala a mayi, ndi gawo la mlongo amene wasiya munda ndi geni yake, kuti alembe aganyu omulimira. Kumupatsa gawoli si kumulipira chifukwa chokonda mayi ake. N'kumubwezera zimene wataya posenza mbali ya abale ake. Chachitatu, mzime apite kusukulu, pakuti Blantyre ndi ulendo wa tsiku limodzi, koma tchuthi chake chikhale cha kumudzi, kuti achemwali ake apumeko. Chachinayi, wa ku Joni adziikire malire: atchule mwezi umene adzabwere, ndipo avomere kuti mlongo wake akadwala, kapena ukwati wake ukayamba kugwedezeka chifukwa cha matendawa, udindo wonse wabwerera pa iye ndipo ayenera kunyamuka ngakhale ntchito itayike.

Utumiki wa manja uli ngati kusambitsa maliro. Ena akaugwira mokwanira, otsalawo sachimwa. Ukasowa wougwira, mlandu umagwera onse amene akadatha. Choncho funso lenileni kwa wofuna kunyamuka si loti mayi andilola kodi. Mayi amalola ngakhale mtima ukuwawawa, chifukwa safuna kutchedwa wotsekereza mwayi wa mwana. Mu hadisi ina yolembedwa ndi Imamu Abu Daudi, munthu amene adadza kudzalonjeza za msamuko atasiya makolo ake akulira, adabwezedwa kuti akawasangalatse monga adawalizira. Kulola kwa pakamwa kumene kwatsagana ndi misozi sikukwanira. Funso loyenera ndi loti: ine ndikachoka, adzawathira madzi a udhu ndani, ndipo munthu ameneyo wavomera ndi mtima wake kapena wangotsala nawo chifukwa alibe kothawira?

Makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Ena a ife timakankha ana kuti apite chifukwa mwana wa mnansi wamanga nyumba ya njerwa, kenaka n'kumadandaula kuti atitaya. Ena timayamika wotumiza ndalama pamaso pa mwana amene akutichapira, osadziwa kuti tikubzala udani umene udzaphuke pa tsiku logawa chuma chamasiye. Kholo limene limapempherera mwana wa kutali litchulenso m'duwa yake mwana wa pafupi, ndipo amve ndi makutu ake.

Ntchito yotayika imapezekanso, ndipo sukulu yoimitsidwa chaka chimodzi imapitirizidwa. Zaka zomaliza za mayi ndi bambo sizibwerezedwa. Amene ali kutali ndipo makolo ake akali moyo, asadikire uthenga wa maliro: aimbe foni sabata ino, afunse mlongo wake mmene akugonera usiku, ndipo atchule mwezi wobwerera. Tikupempha Allah awachitire chifundo makolo athu amoyo ndi amene adatsogola, ndipo atipatse mariziki amene sadzatitalikitsa kwa iwo pa nthawi imene akutifuna.