Mpweya wa m'chulu

Chulu chili m'munda mwanucho ambiri timachiyesa nyumba ya chiswe, koma chiswecho chimakhala pansi, pamodzi ndi manthu ndi minda ya bowa amene chimalima kuti chizidya. Dothi lapamwambalo, lomatidwa ndi malovu a chiswe, ntchito yake yaikulu ndi kupuma. Chiswe ndi bowayo zimatulutsa mpweya woipa usana ndi usiku, ndipo utapanda kutuluka zingabanike.

Utuluka bwanji poti zulu zambiri zilibe khomo looneka? Khoma lake lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kuseri kwake kuli tinjira topyapyala tolumikizana ndi mphako yaikulu yapakati. Dzuwa likawomba, mpweya wa m'tinjiramo umafunda msanga n'kukwera, wapakati wozizirirapo n'kutsika. Usiku kunja kumazizira msanga ndipo kayendedweko kamatembenuka. Mu 1961 Martin Lüscher analemba kuti kutentha kwa chiswe chenichenicho ndiko kumayendetsa mpweya, koma amene anayeza m'zulu za ku India ndi ku Namibia anapeza kuti dzuwa ndilo likutsogolera.

Wina anganene kuti ndiye chulu ndicho chimaziziritsa chisa. Osati kwenikweni. Ku Namibia, Scott Turner anaona kuti kutentha kwa chisa kumatsatira kwa nthaka yochizungulira, imene sisintha msanga. Ntchito ya chulu ndi kupuma, n'chifukwa chake mukagumula chulu pofuna dothi la njerwa, chiswe chimathamangira kumata pobowokapo: chamva mphepo yachilendo ikusokoneza mpweya ndi chinyezi cha bowa wake.